Momwe mungadziwire ngati ndalama zomwe mwasunga zikukuladi kapena zikudyeka ndi kukwera kwa mitengo

Munthu akaika K2,000,000 ku fikisidi dipoziti, chaka n'kutha, iye n'kukatengako K2,224,000, sitetimenti imaonetsa kuti wapindula K224,000. Nambalayo ndi yoona, palibe yemwe wamubera. Koma tiyerekeze kuti ndalamazo amasungira simenti yomangira nyumba, ndipo m'chaka chomwecho mtengo wa thumba wachoka pa K20,000 kufika pa K26,000. Tsiku lomwe amakaika ndalamazo akanatha kugula matumba 100. Tsiku lomwe wakazitenga, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake chonse, zikugula matumba 85 okha, n'kutsala ndi chenji chosakwana thumba lina. Makwacha achuluka koma matumba achepa.

Phindu la K224,000 lija ndi phindu la papepala, loyezedwa ndi makwacha. Matumba 15 omwe asowawo ndiwo akukuuzani za phindu lenileni, loyezedwa ndi katundu yemwe ndalamazo zingagule. Mitengo ikakhala kuti siikusuntha kwenikweni, ziwirizi zimayendera limodzi ndipo palibe chovuta. Kuno ku Malawi sizili choncho. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi zoposa 30 peresenti, pomwe chiwongoladzanja cha akaunti wamba yosungira ndalama nthawi zambiri sichifika ndi pa 10 peresenti pomwe. Anthu ambiri osamala, osamwaza ndalama, akhala akusauka pang'onopang'ono uku sitetimenti ikuwauza kuti zinthu zikuyenda. Masamu odziwira zimenezi ndi afupi, kakyuleta ya pafoni ndi yokwanira. Tiyenda nawo ndi K2,000,000 yomweyi mpaka kumapeto. Mitengo ya simenti ndi chiwongoladzanja cha banki m'chitsanzochi ndi zoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo manambala anu.

Choyamba: pezani chiwongoladzanja chomwe chifikedi m'manja mwanu

Nambala yomwe akukuuzani pakauntala si yomwe mulandire. Pali zinthu ziwiri zoti mufunse musanasainire.

Funsani ngati peresentiyo ndi ya pachaka. Pafupifupi nthawi zonse ndi ya pachaka, ndipo pafomu amalemba `p.a.` pambali pa nambalayo. Akati 14 peresenti pa fikisidi dipoziti ya miyezi itatu, sakutanthauza kuti miyezi itatu ikatha mulandira 14 peresenti ya ndalama zanu. Mulandira gawo la miyezi itatu lokha, pafupifupi 3.5 peresenti. Apa anthu amakhumudwa tsiku lokatenga ndalama, n'kuyamba kukangana ndi wapakauntala, pomwe zinalembedwa pafomu.

Kenako chotsani msonkho. Pa chiwongoladzanja boma limadula 20 peresenti ndalamazo zisanalowe mu akaunti yanu, ndipo pasitetimenti mzere wake umaoneka ngati `Withholding Tax` kapena `WHT`. Pa K2,000,000 yathu, 14 peresenti pachaka ndi K280,000. Msonkho wake ndi K56,000. Zotsala ndi K224,000, zomwe ndi 11.2 peresenti ya ndalama zomwe munaika. Ngati pali zina zomwe banki imadula mwezi ndi mwezi pa akauntiyo, zichotseninso pomwepa.

Nambala yogwira nayo ntchito kuyambira pano ndi 11.2, osati 14. Ndipo taonani chinthu chimodzi chomwe chimapweteka: msonkhowu amauwerengera pa phindu la papepala. A msonkho safunsa ngati ndalama zanu zatha mphamvu. Mukhoza kuluza matumba 15 a simenti n'kulipiranso msonkho wa K56,000 ngati munthu yemwe wapindula.

Chachiwiri: pezani kuti mitengo yakwera ndi zingati pa nthawi yomweyo

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa nambala ikalakwika apa zonse zotsatira zilakwika.

Poyambira ndi nambala ya boma. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatumiza anthu m'misika kukalemba mitengo ya zinthu zomwe mabanja amagula, monga chimanga, ndiwo, mafuta ophikira, lendi, thiransipoti, magetsi ndi zovala, ndipo mwezi uliwonse imatulutsa lipoti lotchedwa `Consumer Price Index`. Nambala yomwe mumamva pawailesi, yomwe ena amangoti inifuleshoni, imachokera m'menemo. Akati mwezi uno ili pa 30 peresenti, ndiye kuti dengu la zinthu lomwe mwezi ngati uno chaka chatha limagulidwa K100,000, lero likufuna K130,000. Akufananiza ndi chaka chapitacho, osati mwezi wathawu.

Pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Nambalayi ikatsika kuchoka pa 33 kufika pa 28 peresenti, nyuzipepala zimalemba kuti zinthu zikusintha, munthu n'kumayembekezera kuti mawa shuga atchipa. Sizitero. Mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lake lachepa. Zomwe zinakwera kale zakhala pomwepo, ndipo pamwamba pake pakubwera 28 peresenti ina. Kwa wosunga ndalama izi zikutanthauza kuti mphamvu yomwe kwacha yanu inataya chaka chatha siibwerera.

Tsono nambala ya bomayo ndi ya banja lapakati, lomwe pafupifupi theka la ndalama zake limathera pachakudya. Inu mwina simuli banja limenelo, ndipo ndalama zomwe mwasungazo simukufuna kugulira dengu lonselo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mudzifunse kaye kuti ndalamazi mukusungira chiyani. Ngati ndi fizi ya mwana, kukwera kwa mitengo komwe kukukukhudzani ndi kwa fizi ya pasukulupo. Ngati ndi feteleza, yang'anani mtengo wa thumba la feteleza. Ngati ndi malata, mtengo wa malata a geji yomwe mukufunayo. Ngati ndi za ukalamba kapena zadzidzidzi, zomwe mudzagulira china chilichonse, pamenepo nambala ya boma ndiyo yoyenera.

Njira yake ndi yapafupi. Tsiku lomwe mukuika ndalama, lembani m'kope mtengo wa chinthu chomwe mukusungiracho, ndipo lembani mosaphonya: mtundu wake, kulemera kwake, shopu yake, deti lake. Tsiku lokatenga ndalama mukafunsenso mtengo wa chinthu chomwecho pamalo omwewo. Gawani mtengo watsopano ndi wakale. Pa simenti yathu, 26,000 kugawa ndi 20,000 ndi 1.30, kutanthauza kuti mtengo wakwera ndi 30 peresenti.

Ndanena za kulemera chifukwa mitengo ina imakwera mobisala. Mayi wa tomato pamsika sasintha mtengo wa mulu, amachotsapo tomato mmodzi. Mulu wa anayi wa K1,000 ukakhala wa atatu pa K1,000 yomweyo, tomato mmodzi wachoka pa K250 kufika pa K333, ndiye kuti wakwera ndi 33 peresenti ngakhale kamtengo kolemba pakatoni sikanasinthe. Thumba la makala limachepa msinkhu, sopo amaonda, mbale yoyezera ufa imasintha. Mukamalemba mitengo, lembani ya pa kilogalamu, pa lita kapena pa chinthu chimodzi.

Chenjeraninso ndi chimanga. Mtengo wake umatsika anthu akakolola, cha mu Epulo mpaka Juni, n'kukwera nthawi ya njala kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi. Mukafananiza mtengo wa Meyi ndi wa Febuluwale mudzaona ngati dziko lapsa. Mukafananiza wa Febuluwale ndi wa Meyi mudzaona ngati ndalama zanu zalemera. Zonsezo ndi nyengo chabe. Fananizani Meyi ndi Meyi mnzake.

Chachitatu: gawani, musachotsere

Ambiri amachita chonchi: chiwongoladzanja 11.2, kuchotsa kukwera kwa mitengo 30, yankho n'kukhala kuluza 18.8 peresenti. Njira imeneyi imagwira bwino kumaiko komwe mitengo imakwera ndi 2 kapena 3 peresenti pachaka, chifukwa manambala akakhala aang'ono kuphonya kwake sikuoneka. Manambala akafika m'ma 30 kuphonyako kumakula. Masamu olondola ndi awa:

```
phindu lenileni = (1 + phindu la papepala) / (1 + kukwera kwa mitengo) - 1
```

Maperesenti muwalembe ngati madesimo: 11.2 peresenti ndi 0.112, ndipo 30 peresenti ndi 0.30. Pakakyuleta mulembe 1.112, mugawe ndi 1.30. Yankho ndi 0.855. Mukachotsapo 1 mutsala ndi -0.145, kutanthauza kuti mwaluza 14.5 peresenti ya mphamvu ya ndalama zanu. Nambala ya 0.855 ija ndi matumba 85 ndi theka aja pa matumba 100. Masamuwo akungonena zomwe wogulitsa simenti akanakuuzani.

Chifukwa chogawira n'chosavuta kumva mukaganiza za kushopu. Mukafika ndi ndalama, simuchotsera mtengo pa ndalama zanu kuti mudziwe matumba omwe mutenge. Mumagawa ndalamazo ndi mtengo wa thumba limodzi. Ndalama zanu zakula ka 1.112, mtengo wakula ka 1.30, choncho matumba asintha ka 1.112 kugawa ndi 1.30.

Ngati mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi uwu ukuchitirani zonse, msonkho womwe:

```
=((1+0.14*(1-0.2))/(1+0.3)-1)*100
```

Ukupatsani -14.46. Sinthani 0.14 ndi chiwongoladzanja chomwe akulonjezani, 0.3 ndi kukwera kwa mitengo.

Pali njira inanso yoonera chinthu chomwechi, yomwe imathandiza pofotokozera apabanja omwe sakonda maperesenti. Tengani ndalama zonse zomwe mwalandira, K2,224,000, mugawe ndi 1.30. Mupeza K1,710,769. Uku n'kunena kuti ndalama zomwe mwatenga lerozi zili ndi mphamvu yofanana ndi K1,710,769 ya chaka chatha. Munaika K2,000,000. Pafupifupi K289,000 yapita, ndipo palibe mzere uliwonse pasitetimenti womwe ukuonetsa zimenezo.

Chachinayi: yezani njira zonse ndi muyeso umodziwu

Mukatha kuwerengera phindu lenileni la njira imodzi, chitani chimodzimodzi ndi njira zina zonse zomwe mukuganizira, apo ndi pomwe masamuwa amayamba kukuthandizani kusankha.

Ndalama zosunga m'nyumba, kapena mu akaunti yopanda chiwongoladzanja, kapena zongokhala pafoni: 1 kugawa ndi 1.30 ndi 0.769. Mwaluza 23.1 peresenti, ndipo K2,000,000 ikugula matumba 76. Fikisidi dipoziti ya 14 peresenti taona kale kuti ndi matumba 85.

Palinso kubwereketsa boma ndalama kudzera m'zikalata zomwe Reserve Bank of Malawi imagulitsa, zomwe pamafomu zimalembedwa kuti `Treasury Bills`. Zilipo za masiku 91, za masiku 182 ndi za masiku 364, ndipo munthu wamba amagula kudzera kubanki yake kapena kumakampani ochita malonda a zikalata zotere. M'chaka cha 2024, pomwe Banki Yaikuluyi inali itakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera mabanki kufika pa 26 peresenti, zikalata za masiku 364 zinkapereka pafupifupi 26 peresenti yomweyo. Nambala yokoma m'makutu. Tiiyeze: pa K2,000,000 chiwongoladzanja ndi K520,000, msonkho K104,000, zotsala K416,000, zomwe ndi 20.8 peresenti. Tikagawa 1.208 ndi 1.30 tipeza 0.929. Ndi kuluzabe, 7.1 peresenti, matumba 92.

Tsono apa pali zinthu ziwiri zoti zimveke limodzi. Njira zitatu zonsezi ndi zoluza. Koma kuluza kwake n'kosiyana kwambiri: matumba 76, 85 ndi 92. Munthu asamve nkhaniyi n'kunena kuti basi kusunga kubanki n'kupusa, ndalama zikhale kunyumba kapena tingozidya. Pakati pa kunyumba ndi zikalata za boma pali matumba 16 a simenti. M'chaka chomwe mitengo ikuthamanga chonchi, nthawi zambiri funso silikhala loti ndipindula kuti, limakhala loti ndiluza pang'ono kuti, ndipo funso limenelo ndi la ndalama zenizeni.

Onaninso kuti nambala yaikulu ya chiwongoladzanja payokha siikuuzani kanthu. Kuyambira 2019 mpaka 2021 mitengo ku Malawi inkakwera ndi pafupifupi 9 peresenti pachaka. Tiyerekeze munthu yemwe nthawi imeneyo anapeza 12 peresenti. Msonkho utachoka anatsala ndi 9.6, ndipo 1.096 kugawa ndi 1.09 ndi 1.006. Anapindula kangachepe, theka la peresenti, koma sanaluze. 12 peresenti yake inamusungira chuma kuposa 26 peresenti ya mnzake wa mu 2024. Chiwongoladzanja chimakwera chifukwa mitengo yakwera, ndipo kawirikawiri chimatsalira m'mbuyo.

Musanapite kukakambirana ndi banki, dziwani nambala yomwe ingakubwezereni pomwe munali, osapindula osaluza. Gawani kukwera kwa mitengo ndi 0.8, chifukwa msonkho ukachoka mumatsala ndi 80 peresenti ya chiwongoladzanja. Pa 30 peresenti, 30 kugawa ndi 0.8 ndi 37.5. Chilichonse chochepera 37.5 peresenti pachaka n'kuluza m'chaka choterocho. Banki siikupatsani nambala imeneyo, koma mukaidziwa mumasiya kusangalala ndi 14. Ndipo chiwongoladzanja cha fikisidi dipoziti, makamaka ndalama zikakhala zochulukirapo, chimakambidwa. Funsani mabanki awiri atatu, muuze wina zomwe mnzake wanena.

Chachisanu: nthawi ifanane mbali zonse ziwiri

Osafananiza chiwongoladzanja cha miyezi itatu ndi kukwera kwa mitengo kwa chaka chonse. Mukaika K2,000,000 kwa masiku 91 pa 16 peresenti pachaka, chiwongoladzanja ndi 2,000,000 kuchulukitsa ndi 0.16, kuchulukitsanso ndi 91, kugawa ndi 365, zomwe ndi K79,781. Msonkho ukachoka zitsala K63,825, kapena kuti 3.2 peresenti. Mitengo yomwe ikukwera ndi 30 peresenti pachaka imakwera ndi pafupifupi 6.8 peresenti pamiyezi itatu. Gawani 1.032 ndi 1.068, mupeza kuti mwaluza pafupifupi 3.4 peresenti m'miyezi itatuyo.

Zaka zikachuluka ndi pomwe nkhaniyi imawawa. Siyani K2,000,000 ija ku fikisidi dipoziti zaka zitatu, chaka chilichonse chiwongoladzanja mukuchibwezera momwemo. Pa 11.2 peresenti ifika pa K2,750,000. Aliyense woona sitetimentiyo anganene kuti mwachita bwino, mwaonjezera K750,000 muli khale. Koma mitengo ikakwera ndi 30 peresenti zaka zitatu zotsatizana siikwera ndi 90 peresenti. Kukwera kwa chaka chilichonse kumakhala pamwamba pa kwa chaka chinzake, 1.30 kuchulukitsa ndi 1.30 kuchulukitsanso ndi 1.30, zomwe ndi 2.197. Thumba la K20,000 lija lafika pa K43,940. Ndalama zanu zikugula matumba 62. Zaka zitatu zisanathe mitengo yawirikiza kawiri n'kupitirira.

Masamu omwewa muchite ndi sitetimenti ya penshoni. Kampani yosunga penshoni ikalengeza phindu la chaka, gawani ndi kukwera kwa mitengo kwa chaka chomwecho musanasangalale kapena kudandaula, popeza ndalama zimenezo zimakhalako zaka makumi.

Chachisanu ndi chimodzi: kumbukirani kuti chiwongoladzanja n'cholonjezedwa lero, mitengo ya mawa palibe walonjeza

Nambala ya ku Zomba imanena za miyezi 12 yapitayo. Ndalama zanu mukuzitsekera miyezi 12 ikubwerayo. Phindu lenileni lomwe mukuwerengera musanaike ndalama ndi loyembekezera chabe. Lenilenilo mudzalidziwa pamapeto.

Ku Malawi chomwe chimasokoneza masamuwa mwadzidzidzi ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Patangopita masiku ochepa petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mafuta akakwera minibasi zimakwera, katundu aliyense woyenda pagalimoto amakwera. Munthu yemwe anatsekera ndalama zake kwa chaka chathunthu mu Okutobala 2023 anakhala pa chiwongoladzanja chakale uku mitengo ikudumpha, ndipo akanati athyole fikisidi dipozitiyo nthawi isanakwane, akanataya gawo la chiwongoladzanjacho kapena chonse, malinga ndi mgwirizano wake.

Choncho werengerani katatu. Koyamba ndi nambala ya mitengo yomwe ilipo lero, kachiwiri ndi yotsikirapo, kachitatu ndi yokwererapo ndi 10 kapena 15. Ngati chomwe mukusungiracho chimachokera kunja, monga feteleza, galimoto, zipangizo zake, mankhwala kapena foni, nambala yachitatuyo muipatse ulemu. Zizindikiro zoti kwacha ili pampanipani sizibisika: mabanki akamasowa madola, mizere ya mafuta ikamatalika, mtengo wa dola pamsika wamseri ukatalikirana kwambiri ndi wa kubanki. Zikatero amalonda amayamba kukweza mitengo potengera dola yamseriyo boma lisanalengeze chilichonse. Nthawi ngati imeneyo kutsekera ndalama miyezi itatu itatu kumakusiyirani mpata wosintha maganizo, ngakhale chiwongoladzanja chake chimakhala chocheperapo. Mpatawo uli ndi mtengo wake, ndipo masamu a pamwambawa akuuzani kuti ndi zingati.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati muli pa geni, yezani mpamba ndi katundu

Anthu a bizinesi zing'onozing'ono ndi omwe amadyeka kwambiri ndi nkhaniyi, chifukwa iwo alibe ndi sitetimenti yomwe, amangoona ndalama zikulowa.

Tengani mayi wa golosale yemwe waoda mabelo 40 a shuga pa K50,000 belo limodzi, zonse K2,000,000. Wagulitsa onse m'miyezi iwiri, wapeza K2,300,000. M'kope mwake walemba phindu la K300,000, 15 peresenti. Ndalamazo walipira fizi, wagula ndiwo, wathandiza kumaliro, ndipo mtima uli m'malo chifukwa mpamba wa K2,000,000 sanaukhudze. Pobwerera kokaoda akupeza belo lili pa K55,000. K2,000,000 yake ikugula mabelo 36. Kuti adzadzenso shelefu ndi mabelo 40 pakufunika K2,200,000. Ndiye kuti pa K300,000 ija, K200,000 sinali phindu, inali mpamba. Phindu lenileni linali K100,000, ndipo pamenepo thiransipoti ndi lendi sizinachoke. Pa fomula yathu, 1.15 kugawa ndi 1.10 ndi 1.045, phindu la 4.5 peresenti osati 15.

Zikachitika kanayi kasanu, shelefu imayamba kuoneka mipata. Mayiyo amaganiza kuti mnyamata wogulitsa akumubera, kapena kuti wina wamuchita chipongwe, pomwe ndalama zonse zili bwinobwino m'kope. Chizindikiro chake n'chimenechi: ndalama zolowa patsiku zikukwera, koma katundu yemwe mumabwera naye kooda akuchepa ulendo ndi ulendo.

Mankhwala ake ndi awiri. Lembani mpamba wanu ngati mabelo 40, osati ngati K2,000,000, ndipo musatapepo phindu musanaodenso mabelo 40. Komanso ikani mtengo wogulitsira potengera mtengo womwe mukaodere mawa, osati womwe munaodera dzana. Imbani foni kooda sabata iliyonse ngakhale musakupita. Makasitomala amadandaula kuti uyu ndi katundu wakale bwanji wakwera, ndipo dandaulo lawolo n'lomveka, nawonso zikuwawawa. Koma wogulitsa pa mtengo wakale mpaka katundu kutha ndiye amatseka shopu.

A banki mkhonde nawonso achite chimodzimodzi pogawana kumapeto kwa chaka. Kungoti poti masheya amaponyedwa pang'onopang'ono chaka chonse, ndalama yapakati imakhala itakhalamo pafupifupi theka la chaka, choncho fananizani phindu lanu ndi kukwera kwa mitengo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ngongole zomwe sizinabwezedwe muzichotse kaye.

Chomaliza: chitanipo kanthu malinga ndi yankho

Yankho likatuluka loluza, ndipo mukudziwa kale chomwe mukufuna kugula, njira yowongoka ndi kugula chinthucho msanga m'malo mosunga makwacha. Malata, zitsulo, mafelemu a mawindo ndi njerwa zootcha zimadikira, bola pakhale posunga pabwino. Ngati sukulu imalola kulipiriratu fizi ya chaka pa mtengo wa lero, lipirani n'kutenga lisiti lolemba kuti ndi ya matemu ati. Koma simenti, yomwe tayezera nkhani yonseyi, ndiyo yosayenera kuunjika. Ikakhalitsa miyezi ingapo imayamba kuchepa mphamvu, ikakumana ndi chinyontho imauma mabuma, ndipo matumba 15 omwe mumapulumutsa mungawataye onse pakona pa nyumba. Ngati mukufuna kuthawa kukwera kwa mtengo wa simenti, isanduzeni mabuloko kapena maziko. Chimanga chosunga chimafuna mankhwala ndi matumba abwino, apo ayi anankafumbwe adya phindu lonse, ndipo mtengo wake ukhoza kutsika pokolola. Zowonongeka, zobedwa ndi zolipira posungira muzichotse pa phindu monga tinachotsera msonkho.

Ndalama zadzidzidzi, za matenda kapena maliro, zikhalebe poti mungazitape tsiku lomwelo ngakhale zikuluza. Malata sangalipire chipatala usiku. Chomwe mungachite ndi kuziika pomwe zikuluza pang'ono, n'kumaonjezerapo chaka ndi chaka: thumba la K500,000 lomwe linkakwanira chaka chatha likufunika kukhala K650,000 chaka chino ngati mitengo yakwera ndi 30 peresenti.

Ndipo musalole kuti masamuwa akukankhireni kwa anthu olonjeza 30 kapena 50 peresenti pamwezi. Munthu akangozindikira kuti kubanki akuluza amakhala nyama yofewa kwa otere. Taona kuti boma, lomwe lili ndi mphamvu yotolera msonkho, linkapereka 26 peresenti pachaka chathunthu. Wolonjeza zoposa zimenezo pamwezi umodzi mumufunse kuti ndalamazo akuzipanga bwanji, komanso ngati ali ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi chomulola kutenga ndalama za anthu. Akazungulira poyankha, kuluza komwe mukuyang'anizana nako si kwa 7 kapena 14 peresenti, ndi K2,000,000 yonse.